Musanapente chithunzi chimene anatola wina: momwe mungapezere chilolezo cha mwini wake

Tiyerekeze kuti mwaona chithunzi pa foni. Msodzi waima m'bwato m'bandakucha, dzuwa likutuluka kumbuyo kwake, ukonde uli m'malere usanagwere m'madzi. Chakugwirani mtima, ndipo mukufuna kupangapo ntchito yanu: muchipente pa nsalu, kapena muchilowetse m'kompyuta, muchotse mitundu yake, muikepo wofiira ndi wakuda, kenako chidindidwe pa matisheti 200 ogulitsa kwa alendo a kunyanja. Tiyenda ndi chitsanzo chimenechi mpaka kumapeto. Popeza m'Chichewa mawu akuti kujambula amakhudza wa kamera ndi wa burashi yemwe, pano wa kamera ndizimutchula kuti wotola chithunzi, kuti tisasokonezane.

Mfundo yake ndi imodzi, ndipo ambiri a ife openta ndi okonza zithunzi pa kompyuta timachedwa kuivomera: kusintha chithunzi sikufafaniza umwini wa amene anachitola. Zili ngati kumanga nyumba pa malo a mwini. Njerwa ndi zanu, luso ndi lanu, koma pansi pake ndi pa wina, ndipo simungagulitse nyumbayo ngati kuti mwini malo kulibe.

Zimenezi zinalembedwa m'Pangano la ku Berne la 1886, lomwe Malawi analowamo mu 1991. Panganoli limanena zinthu zitatu zotikhudza. Ntchito yaluso imatetezedwa popanda kuilembetsa kulikonse, choncho chithunzi chopanda dzina kapena chizindikiro cha © chili ndi mwini ndithu. Mwini ntchito ndiye yekha wopereka chilolezo choti isinthidwe n'kukhala ntchito ina. Ndipo ntchito yatsopanoyo imatetezedwanso payokha, koma mosaphwanya ufulu wa mwini ntchito yoyamba. Kuno kwathu nkhanizi zili m'lamulo loteteza ntchito za aluso la 2016, lomwe linalowa m'malo mwa la 1989, ndipo bungwe loyang'anira zimenezi ndi COSOMA.

Mwina munamvapo zoti ukasintha magawo 30 pa 100 aliwonse a chithunzi ndiye kuti chasanduka chako. Mawuwa amayenda kwambiri pakati pa aluso, koma malamulo a umwini sayeza ndi maperesenti. Bwalo limafunsa ngati munatenga gawo lofunika la luso la mnzanuyo, ndipo gawo lofunika likhoza kukhala laling'ono.

Choyamba: onani chimene mwatengadi

Wotola chithunzi si mwini wa msodzi, nyanja kapena dzuwa. Si mwininso wa ganizo lakuti msodzi akuponya ukonde m'mawa. Aliyense akhoza kupenta zimenezo. Chake ndi zimene anasankha: pamene anaima, kamphindi kamene anadina kamera ukonde utatambasuka bwino, mbali imene kuwala kunachokera, mthunzi pa nkhope ya msodzi, zimene analowetsa m'chithunzi ndi zimene anasiya kunja. Mukatenga zimenezi mwatenga ntchito yake, ngakhale mutazipenta ndi dzanja lanu masabata atatu.

Njira yodziyezera ilipo ndipo si yovuta. Tsegulani chithunzi choyambacho mu Photoshop kapena GIMP, ikani ntchito yanu pamwamba pake ngati Layer yatsopano, tsitsani Opacity kufika pa 50. Ngati mulibe kompyuta, sindikizani zonse ziwiri pa pepala, muzisanjike pa galasi la windo masana. Tsopano yang'anani. Kodi mkono wa msodzi wagwera pa mkono? Mapindidwe a ukonde akutsatana? Mthunzi uli pomwe unali? Ngati mizere ikugwirizana, ntchito yanu yaima pa chithunzicho ndipo mukufunika chilolezo. Kayezedwe kameneka si ka bwalo la milandu, koma ndiko koyamba kumene loya wa mbali inayo angachite, ndiye ndi bwino muyambe ndinu kukachita.

Ena amati kusintha zipangizo kumapulumutsa, poti chithunzi chinali cha pepala ndipo iwo asema mtengo. Mlandu wa ku Amereka wa 1992 unayankha zimenezi. Art Rogers anatola chithunzi chopanda mitundu cha bambo ndi mayi atanyamula tiana ta galu tisanu ndi titatu. Jeff Koons anapeza chithunzicho pa khadi, n'kulitumiza kwa amisiri a ku Italiya kuti aseme chiboliboli chamtengo motsatira chithunzicho. Tiagalu anatipaka mtundu wa buluu, anthuwo anawaika maluwa kumutu. Bwalo linati kumeneko n'kukopera, ndipo Koons anagonja. Pepala linasanduka mtengo, mitundu inasintha, koma kakhalidwe ka anthu ndi kaonekedwe ka nkhope zawo zinali za Rogers.

Ngati zimene mukufuna ndi kudziwa chabe mmene bwato limakhalira kapena mmene munthu amagwirira ukonde, onani zithunzi zambiri za anthu osiyanasiyana, muzitseke, kenako mujambule zanu. Kuposa apo, pitani kudoko ndi foni yanu, mupemphe msodzi, mutole chanu. Chenjezo ndi lakuti musapite kukabwereza chithunzi chomwe chija, kuimika munthu momwemo, pa ola lomwelo, kuchokera mbali yomweyo. Mu 2012 bwalo la ku Mangalande linagamula kuti kampani ina ya tiyi inaphwanya umwini ndi chithunzi cha basi yofiira pa mlatho wa Westminster, kumbuyo kuli nyumba ya malamulo yopanda mitundu, ngakhale chithunzicho chinali chotola okha. Anali atatsanzira kasanjidwe ka chithunzi cha kampani ina.

Chachiwiri: pezani mwini wake

Tinene kuti mizere yagwirizana ndipo chithunzicho mukuchifunabe. Amene anakutumizirani pa WhatsApp si mwini wake, ndipo tsamba limene munachiona nthawi zambiri nalonso linangochitola penapake. Yambani ndi m'mphepete mwa chithunzi, pomwe ambiri amaika dzina lawo. Ngati palibe, chilowetseni mu Google Lens kapena TinEye. Funafunani pomwe chinaonekera kale kwambiri komanso pomwe chili chachikulu ndi chowala bwino, chifukwa chithunzi chimanka chichepa ndi kuzimiririka pamene chikudutsa m'manja ambiri. Nyuzipepala ndi mabungwe amakonda kulemba dzina la wotola pansi pa chithunzi kapena kumapeto kwa nkhani.

Mukapeza fayilo yabwino, onani zolembedwa m'kati mwake. Mu Photoshop zili pa File > File Info. Amene ali ndi pulogalamu ya ExifTool akhoza kulemba izi:

```
exiftool -Artist -Creator -Copyright -Credit msodzi.jpg
```

Mukapanda kupeza kanthu musadabwe. Chithunzi chotumizidwa mwachizolowezi pa WhatsApp chimafika zolembazo zitachotsedwa, ndipo chojambula pa sikirini sichikhala nazo n'komwe. Kusowa kwa dzina kumangotanthauza kuti dzinalo linatayika panjira.

Mukampeza wotola chithunziyo, funso loyamba likhale lakuti, kodi umwini uli ndi inu? Anthu amalidumpha funsoli, kenako n'kulipira munthu wolakwika. Ngati anatola ali pa ntchito yolembedwa, monga ku nyuzipepala, m'mayiko ambiri umwini umakhala wa womulemba ntchito. Ngati anachita kutumidwa ndi kulipidwa pa ntchito imodzi yokha, mayiko amasiyana. Ku South Africa lamulo la 1978 limapereka umwini wa chithunzi kwa amene anaitanitsa n'kulipira, pokhapokha atagwirizana zina. Ku Britain lamulo la 1988 limausiya kwa wotola. Kwa inu amene mumapenta nkhope za anthu kuchokera pa zithunzi za ukwati kapena za kusitudiyo, nkhaniyi ikukukhudzani kwambiri: mayi amene wakubweretserani chithunzi chake ndi mwini pepalalo, ndi mwini nkhopeyo, koma mwina si mwini luso la chithunzicho.

Ngati mwafufuza osampeza mwini, sankhani chithunzi china. Kulemba pansi kuti "ulemu upite kwa mwini chithunzi" si chilolezo, ndipo kumangoonetsa kuti mumadziwa kuti si chanu.

Chachitatu: onani ngati chilolezo chilipo kale

Zithunzi zina eni ake anaziika poyera ndi zilolezo za Creative Commons, monga zambiri za pa Wikimedia Commons ndi Flickr. Zilembo zake ndizo zimakuuzani zochita. CC0 ikutanthauza kuti mwini anasiya ufulu wake momwe lamulo lingalolere, ndipo mukhoza kusintha ndi kugulitsa. CC BY imalola zonsezo bola mutchule dzina lake, mutchule chilolezocho, ndi kunena kuti mwasintha. Pakakhala SA, ntchito yanu yatsopano iyeneranso kutuluka ndi chilolezo chomwecho, kutanthauza kuti wina akhoza kutenga msodzi wanu wofiira uja n'kudinda matisheti akeake. Ganizirani bwino musanavomere zimenezo. NC imaletsa malonda, choncho matisheti 200 aja agwa pomwepo. ND ndiyo imatikhudza kwambiri, chifukwa imaletsa kufalitsa chinthu chosinthidwa. Chithunzi cha ND mukhoza kuchionetsa mmene chilili, koma chopenta chanu chochokera pamenepo simungachitulutse popanda kupempha mwini padera.

Jambulani sikirini ya tsamba loonetsa chithunzi, dzina, chilolezo ndi tsiku, muisunge. Zilolezo zimenezi sizibwezedwa kwa amene anatenga kale motsatira malamulo ake, koma mwini akhoza kuchotsa chithunzi pa intaneti, ndipo tsiku limenelo umboni wanu udzakhala sikirini yokhayo. Onetsetsaninso kuti woika chithunzicho ndiyedi anachitola. Munthu sangapereke chilolezo pa chinthu cha mwini.

Za ukale wa chithunzi, musafulumire kuganiza kuti chakale n'chopanda mwini. Lamulo la ku Malawi limateteza ntchito zambiri zaluso moyo wonse wa mwini ndi zaka 50 atamwalira. Ku Britain ndi m'mayiko a mgwirizano wa ku Ulaya ndi zaka 70 atamwalira. Ngati mudzagulitsa ntchito yanu kunja kudzera pa intaneti, lamulo la komwe mukugulitsako lidzakukhudzani.

Chachinayi: pemphani, ndipo mulembe malire a chimene mwapatsidwa

Apa ndipo pagona nkhani, ndiye ndikhalitsapo. Ambiri amene amagwa m'mavuto sikuti sanapemphe n'komwe. Anapempha chinthu chimodzi, n'kuchita zitatu. Mlandu wotchuka kwambiri pa nkhaniyi unayamba choncho.

Mu 1981 Lynn Goldsmith anatola chithunzi cha woimba Prince mu situdiyo yake. Mu 1984 magazini ya Vanity Fair inamulipira madola 400 kuti chithunzicho chiperekedwe kwa waluso wina ngati poyambira chojambula cha m'magazinimo. Chilolezocho chinanena momveka kuti n'cha ulendo umodzi wokha. Waluso amene anapatsidwa ntchitoyo anali Andy Warhol. Iye anadula chithunzicho n'kusiya mutu wokha, anakuza mithunzi, anaika mitundu yowala ndi mizere yake. Magazini inatuluka, dzina la Goldsmith linalembedwa, ndipo mpaka pamenepo zonse zinali m'malo. Koma Warhol sanapange chimodzi. Anapanga 16, ndipo Goldsmith sanadziwe.

Warhol anamwalira mu 1987, ndipo umwini wa ntchito zake unapita ku bungwe lotchedwa ndi dzina lake. Prince atamwalira mu 2016, kampani ya Condé Nast, eni ake a Vanity Fair, inakonza magazini yapadera yomukumbukira. Inalipira bungwe la Warhol madola pafupifupi 10,000 kuti iike pachikuto chimodzi mwa zithunzi 16 zija, cha mtundu wa lalanje. Goldsmith sanalandire kalikonse, dzina lake silinatchulidwe, ndipo anadziwa za zithunzi zinazo ataona chikutocho.

Malamulo a ku Amereka amalola kuti nthawi zina munthu agwiritse ntchito luso la wina popanda kupempha, ndipo chimodzi mwa zimene bwalo limayang'ana ndi cholinga cha ntchito yatsopanoyo. Bungwe la Warhol linati Warhol anapatsa chithunzicho tanthauzo latsopano: Goldsmith anaonetsa mnyamata wamanyazi, Warhol anaonetsa munthu wotchuka wosandulika chizindikiro. Bwalo loyamba linavomereza mu 2019. Bwalo la apilo linakana mu 2021. Pa 18 Meyi 2023 bwalo lalikulu kwambiri la dzikolo linagamula mokomera Goldsmith, oweruza 7 kwa 2. Linati tanthauzo latsopano palokha silikwanira. Chithunzi cha Goldsmith ntchito yake ndi kugulitsidwa ku magazini olemba za Prince, ndipo cha Warhol chinagulitsidwa ku magazini yolemba za Prince. Ziwirizo zinakumana pa msika umodzi, china n'kulanda malo a chinzake.

Tisawonjezere pa chigamulochi. Bwalo silinanene kuti Warhol analakwa popanga zithunzi 16 zija kapena kuti zisaonetsedwe m'nyumba zosungira zaluso. Linaweruza za kugulitsa chilolezo ku magazini mu 2016 kokha. Komanso limenelo ndi lamulo la ku Amereka. Mayiko ambiri alibe khomo lotakasuka chotero. Ali ndi mndandanda wa zinthu zololedwa, monga kuphunzira pawekha, kuphunzitsa, kapena kutenga kachigawo pofotokoza nkhani, ndipo kudinda matisheti ogulitsa sikukhala pa mndandanda woterowo. Chimene ine ndimatengapo n'chakuti chinamuteteza Goldsmith patatha zaka zoposa makumi atatu ndi mzere uja wonena kuti ulendo umodzi wokha. Mzere woterowo umatetezanso wopenta, chifukwa umaonetsa poyera chimene analoledwa.

Tibwerere kwa msodzi wathu. Mwampeza wotola chithunzi, ndi mayi wina wodziimira payekha, ndipo wavomera kuti umwini ndi wake. Uthenga wanu ukhoza kukhala wotere:

"Zikomo mayi, muli bwanji? Ine ndine wopenta ndipo ndimakonzanso zithunzi zodinda pa zovala. Ndaona chithunzi chanu cha msodzi akuponya ukonde, chomwe ndachiika pansipa. Ndikupempha chilolezo chanu kuti ndipange chojambula changa kuchokera pamenepo: ndichotsa kumbuyo konse, ndisiya msodzi ndi ukonde, mu mitundu iwiri. Ndikufuna kudinda pa matisheti 200 ogulitsa m'Malawi muno kwa chaka chimodzi, komanso kuonetsa chojambulacho pa tsamba langa potsatsa. Dzina lanu lidzalembedwa pa kapepala ka tisheti iliyonse ndi pa tsambalo. Ndingakondwe mutandiuza mtengo wanu, ndiponso ngati pali china chimene simungafune kuti ndisinthe."

Onani zimene zili mu uthengawu. Mwatchula chithunzi chenicheni, osati zithunzi zake mwachisawawa. Mwanena kuti musintha, ndi mmene musinthire. Mawu amenewa ndi ofunika kwambiri, chifukwa chilolezo chogwiritsa ntchito chithunzi si chilolezo chochisintha. Mwatchula chinthu chodindapo, kuchuluka kwake, dera ndi nthawi. Akayankha, pali zina zitatu zoti mumange. Kodi chilolezochi n'cha inu nokha, kapena akhoza kupatsanso wopenta wina chithunzi chomwecho? Cha inu nokha chimakwera mtengo. Kodi mukhoza kupereka chojambula chanu kwa munthu wachitatu, monga hotela imene ingachifune pa kalendala yake? Apa ndi pomwe bungwe la Warhol linagwera, ndiye yankho lilembedwe, kaya ndi inde kaya ndi ayi. Ndipo chojambula chatsopanocho mwini wake ndani? Kawirikawiri zimene mwawonjezera ndi zanu, chithunzi chikhalabe chake, ndipo aliyense sagulitsa gawo la mnzake.

Malipiro amayenda njira ziwiri: ndalama imodzi yoperekeratu, kapena kagawo pa chinthu chilichonse chogulitsidwa. Mwachitsanzo chabe, mukagwirizana K500 pa tisheti, matisheti 200 ndi K100,000. Njira ya kagawo imakupepukirani poyamba, koma imafuna kuti muzisunga malisiti a kodinditsa ndi kumuonetsa mnzanuyo. Ena salipiritsa n'komwe, amangofuna dzina lawo ndi tisheti imodzi. Ngakhale zitatero, lembani. Pepala losainirana ndilo labwino koposa, makamaka ngati chilolezo n'cha inu nokha, poti mayiko ambiri amafuna chotero chikhale cholembedwa ndi kusainidwa. Pa ntchito yaing'ono, imelo kapena uthenga wa pa foni wonena zonsezi, iye n'kuyankha kuti wavomera, ndi umboni wabwino kuposa mawu apakamwa. Usungeni pena posakhala pa foni pokha.

Matisheti 200 akatha ndipo mukufuna ena 300, kapena mwaganiza zodinda pa makapu ndi zitenje, bwereraniko. Chimenecho n'chilolezo chatsopano.

Chachisanu: dzina lake, ulemu wake, ndi munthu wa m'chithunzi

Kupatula ufulu wa ndalama, Pangano la ku Berne limapatsa waluso ufulu wotchulidwa dzina ndi wokana kuti ntchito yake ipotozedwe mwa njira yomuchotsera ulemu. Ufulu umenewu umatsala ndi iye ngakhale atagulitsa umwini. Choncho lembani momveka kuti chojambula ndi chanu, chochokera pa chithunzi chotoledwa ndi uje, mwa chilolezo. Ndipo musatenge msodzi uja n'kumuveka makaka a chipani kapena kumugwiritsa botolo la mowa ngati simunagwirizane zimenezo.

Msodziyo payekha ndi nkhani ina. Chilolezo cha wotola chithunzi sichikupatsani nkhope ya munthu. Ngati akuzindikirika ndipo mukugulitsira malonda nkhope yake, funsani mayi aja ngati msodziyo anavomera, ndipo ngati n'kotheka mufikireni nokha. Nkhope ya munthu wosauka si yaulere chifukwa choti sangakwanitse kulemba loya.

Pamene chithunzi chabwera ndi kasitomala

Ntchito zambiri zimabwera chonchi: woimba akufuna chikuto cha nyimbo zake, mpingo ukufuna positala ya msonkhano, ndipo akutumizirani chithunzi n'kunena kuti chikonzeni. Mukachikonza, wosintha chithunzicho ndinu, ndipo dandaulo likhoza kukupezani pamodzi ndi kasitomalayo. Funsani kuti anatola ndani ndipo analola zotani. Pa pepala lanu la mtengo ikanipo mzere wonena kuti kasitomala akutsimikiza kuti ali ndi chilolezo chosintha ndi kusindikiza zithunzi zimene wapereka, asaine. Mzerewu sumuletsa mwini chithunzi kukudandaulirani, koma umakupatsani pomugwira kasitomala zikavuta. Ndaona kuti funso lokhalo limasintha zinthu: ambiri akafunsidwa amavomera kuti anangochitenga pa intaneti, ndipo mumapeza china nthawi isanathe.

Ngati munapanga kale

Mwina mukuwerenga izi matisheti ali kale pamsika, kapena uthenga wa mwini chithunzi wafika kale. Imitsani kugulitsa ndi kutsatsa. Werengani zimene munadinda, zimene zagulidwa ndi ndalama zimene zalowa. Muyankheni mwaulemu, muvomere pomwe munatenga chithunzicho, ndipo mupemphe kuti mugwirizane chilolezo chokhudza zakale ndi zam'tsogolo. Nkhani zambiri zotere zimathera pa kukambirana. Ngati ndalama zake n'zambiri kapena mwalandira kalata ya loya, pezani loya wanu musanasaine kanthu, ndipo kuno kwathu mukhoza kukafunsanso ku COSOMA.

Chimene simuyenera kuchita ndi kubisa umboni. Shepard Fairey anapanga positala yotchuka ya Barack Obama mu 2008 kuchokera pa chithunzi chimene Mannie Garcia anatolera bungwe la nkhani la Associated Press mu 2006. Mlandu utayamba mu 2009, Fairey ananena kuti anagwiritsa ntchito chithunzi china, chomwe chikanaonetsa kuti anasintha zambiri. Atazindikira kuti sizinali choncho, anafufuta mafayilo ena n'kupanga ena abodza kuti mawu ake aoneke oona. Nkhani ya umwini inatha mwa kugwirizana kunja kwa bwalo mu 2011, bwalo lisanagamule kuti wolondola ndani. Koma kuwononga umboni kunasanduka mlandu wina, ndipo mu 2012 anavomera kulakwa, analipitsidwa madola 25,000 ndi kulamulidwa kugwira ntchito zothandiza anthu maola 300.

Ngati inu ndinu wotola chithunzi ndipo mwapeza ntchito yanu pa tisheti ya wina, yambani ndi umboni musanalankhule. Jambulani sikirini ya pomwe akutsatsa, tsiku ndi mtengo zikuoneka. Gulani tisheti imodzi, musunge lisiti. Tulutsani fayilo yanu yoyamba ya mu kamera, makamaka ya RAW ngati ilipo, pamodzi ndi zithunzi zimene munatola mphindi zochepa chisanafike chimenecho ndi pambuyo pake, ukonde ukadali m'manja ndi utagwera kale m'madzi. Wokopera amakhala ndi chithunzi chimodzi chokha, inu muli ndi m'mawa wonse. Sanjikani ntchito yakeyo pa yanu monga tinachitira poyamba paja, musunge chithunzi choonetsa kugwirizana kwa mizere. Kenako mulembereni mwachinsinsi, osati pagulu, mumuuze chimene mukufuna: asiye, alipire zimene wagulitsa kale, kapena mugwirizane chilolezo kuti apitirize dzina lanu lili pomwepo. Mupatseni tsiku loti akhale atayankha, monga masiku 14, ndipo likadutsa tengani umboni wonsewo mupite nawo kwa loya kapena ku COSOMA.